Kuika valavu yotsekera madzi pansi pa beseni losambira m'manja

Mwinifunso:
Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera kudzapempha nzeru. Mpopi wa madzi ozizira wa pa beseni la m'bafa mwathu wakhala ukudontha kawirikawiri, ndipo nthawi iliyonse imene ndikufuna kusintha kalabala ka m'kati mwake ndimayenera kukatseka madzi a nyumba yonse pa valavu yaikulu ya pafupi ndi mita. Sabata yatha ntchito imene ndinkaganiza kuti itha m'mphindi khumi inanditengera maola atatu chifukwa kalabala kamene ndinagula sikanali kolingana, ndipo nthawi yonseyo kukhitchini ndi kuchimbudzi kunalibe madzi. Ndaganiza zoika valavu yaing'ono pansi pa beseni kuti ndizitseka pamenepo pokha. Mapaipi ake ndi awiri a kopa, amatuluka pansi pa simenti n'kukwera molunjika mpaka ku mipopi, ndipo ndawayeza ndapeza kuti ndi a mamilimita 15. Ndigule valavu yotani, ndipo ndidule pati? Sindinadulepo paipi ya madzi chibadwire, choncho ndili ndi mantha kuti ndingasiye nyumba ili yopanda madzi usiku wonse.

Wokonzayekha:
Achimwene, musaope, ntchitoyi ine ndinaigwirapo kawiri. Gulani valavu ija yokhala ndi manati mbali zonse ziwiri, imene imatsekedwa ndi sikuludiraiva. Mudule paipi, mulowetse valavu pakati, mukulunge tepi yoyera yambiri pa mazinga onse, kenaka mumange manatiwo mwamphamvu mpaka asiye kuyenda. Chinsinsi chake ndi tepiyo ndi mphamvu ya dzanja basi.

Pulambala Wakale:
Bambo Wokonzayekha alondola pa mtundu wa valavu, koma pa nkhani ya tepi ndi kumanga mwamphamvu ndikupempha kuti ndisiyane nawo, chifukwa zinthu ziwirizi ndi zimene zandiitanitsa m'nyumba zambiri kukakonza zimene eni ake anali atayamba okha.

Mukamasula nati ya valavu yotereyi mupezamo kamphete kachitsulo chofewa, kamkuwa. Chimene chimatseka madzi ndi kampheteko, osati mazinga. Nati ikamamangika imakankhira kamphete m'kamwa mwa valavu mmene muli mopendekeka, ndipo kamafinyika n'kugwira paipi mozungulira monse. Ntchito ya mazinga ndi kukoka nati basi, madzi safika n'komwe pamenepo. Mukakulunga tepi yambiri pa mazinga, nati imayamba kulimba isanafike pofinya kamphete, inu n'kumaganiza kuti mwamanga pamene kamphete kakadali kotayirira. Kumanga mopitirira muyezo nako kumawononga, pakuti kamphete kamalowa m'paipi n'kuipinda ngati khosi la botolo, ndipo paipi yopindika chotero siileka kudontha ngakhale muwonjezere mphamvu yotani; chotsala ndi kudula pamenepo n'kuyambanso.

Koma bambo Mwinifunso, musanagule kanthu, ndiuzeni zinthu ziwiri. Mukagwira paipi ndi dzanja, kodi imasuntha pang'ono chokwera kapena chotsika, kapena ndi yolimba mbali zonse? Nanga madzi anu otentha amachokera ku giza yolandira madzi molunjika kuchokera ku mita, kapena amadzera mu thanki ya kudenga?

Mayi Wapachipinda:
Pepani kulowerera, abambo. Kwathu nanenso pansi pa beseni pamadontha, makamaka tikatsukula madzi ambiri nthawi imodzi, ndipo pamatuluka fungo loipa. Ndaona kuti kapaipi koyera kokhota kaja kamamasuka ndi manja. Kodi valavu imene mukukambayi ndingaiike pamenepo kuti kudonthako kuthe?

Pulambala Wakale:
Mayi, chimene mukunenacho ndi paipi yotulutsa madzi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo pamenepo sipaikidwa valavu ayi. Kudontha kwake kumachitika pokhapokha madzi akamatuluka m'beseni, zimene zikusonyeza kuti kalabala ka pa nati ya pulasitiki kasuntha kapena katha. Masulani natiyo mutaika ndowa pansi, tsukani, bwezerani kalabala moyenera n'kumanga ndi manja okha. Simufunikira kutseka madzi kulikonse. Valavu imene tikukambirana ndi ya pa mapaipi aang'ono obweretsa madzi ku mipopi.

Mwinifunso:
Zikomo bambo Pulambala. Ndakayesa, mapaipi onse awiri ndi olimba ndithu: pansi agwidwa ndi simenti, pamwamba amangidwa ku mipopi ndi manati. Kuchokera pansi kufika pa nati ya mpopi pali masentimita pafupifupi 60, ndipo apakidwa penti yoyera. Madzi ozizira amachokera ku mita, koma otentha ali ndi mphamvu yochepa chifukwa giza yathu imadzazidwa ndi thanki ya kudenga.

Pulambala Wakale:
Mwachita bwino kuyesa, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu ambiri amaganiza kuti chovuta ndi kudula, koma chovuta chenicheni chimabwera mutadula kale. Nsonga iliyonse ya paipi iyenera kulowa m'kati mwa valavu mpaka itagunda kachidutswa kotchinga kamene kali m'katimo, ndipo izi zikutanthauza kuti mpata umene mwadula umakhala waufupi kuposa valavu yonse. Ngati paipi ili yolimba pansi ndi pamwamba, valavu siingalowe mumpatawo. Munthu akafika apa amayamba kukokera paipi kumbali kuti ailowetse mokakamiza, ndipo mwina paipi imakhota, mwina beseni limang'aluka pa bowo la mpopi. Ena amadula mpata waukulu kuti valavu ilowe mosavuta, koma ndiye kuti paipi imangolowa pang'ono, kamphete n'kukhala kunsonga kwenikweni, ndipo tsiku lina mphamvu ya madzi ikakwera usiku paipiyo imatha kusolotoka.

Njira yake ndi yakuti mumasule kaye nati ya pamwamba imene yagwira paipi ku mpopi. Mukatero, chidutswa cha pamwamba chikadulidwa chimachoka chonse m'manja mwanu, ndipo mumatha kugwira ntchito momasuka. Pamenepo muli ndi zosankha ziwiri. Mungafupikitse chidutswacho n'kuchibwezera, kapena mungachisiye n'kuika m'malo mwake kapaipi kofewa kolukidwa ndi waya kunja, kamene mbali imodzi kamamangika ku mpopi ndipo mbali ina ku valavu. Kwa munthu amene akuyamba kumene ndimalangiza njira yachiwiriyi, chifukwa mumadula kamodzi kokha ndipo kulakwitsa kwa mamilimita ochepa sikuononga kanthu. Ngati mwasankha imeneyi, uzani wogulitsa kuti mukufuna valavu imene mbali imodzi ili ndi nati ndi kamphete ka mamilimita 15, ndipo mbali inayo ili ndi mazinga a theka la inchi okhala ndi mlomo wosalala, pamene kalabala ka kapaipi kofewa kangakhale bwino. Mlomo wa valavu ya manati mbali zonse ndi wakuthwa chifukwa anaupangira kamphete, ndipo umatha kucheka kalabalako pakapita nthawi.

Za malo odulira, musadule pafupi ndi simenti. Siyani paipi yotuluka pansi ikhale yaitali, mwachitsanzo masentimita 30 pa 60 amene muli nawowo, kuti mukalakwitsa kapena valavu ikadzafuna kusinthidwa mudzakhale ndi podulanso. Paipi imene yadulidwa masentimita awiri okha pamwamba pa simenti imachititsa kuti munthu aswe pansi pa bafa lonse chifukwa cha kavalavu kamodzi. Onetsetsaninso kuti pamene mwasankhapo ndi poongoka, popanda chiphwanya, komanso kuti dzanja ndi sipanala zikufikapo.

Wokonzayekha:
Ndamva zimene bambo Pulambala anena, ndipo za mpata zija ndi zoona, pakuti ine ndinakhotetsa paipi ndithu ulendo woyamba. Komabe pa tepi sindinakhutire. Mavalavu anga onse awiri ndinaika tepi ndipo papita zaka zinayi osadontha. Ngati tepi ikanakhala yoononga, bwenzi akudontha pofika lero.

Pulambala Wakale:
Sakudontha chifukwa munamanga mokwanira moti kamphete kanagwira ngakhale tepi inalipo, osati chifukwa cha tepiyo. Ndivomereze chinthu chimodzi: pamene mukubwezera kamphete kakale kamene kanafinyika kale, kukulunga tepi kawiri kapena katatu pa kamphete penipenipo, osati pa mazinga, kumathandiza kutseka timipata. Amisiri ena amachita zimenezi ngakhale pa kamphete katsopano, ena amapaka mankhwala omatira pang'ono, ndipo ine sindikangana nawo. Ine pa katsopano sindiika kanthu.

Mwininyumba Yakale:
Ndikufuna kuchenjeza ena amene akuwerenga kuti asatenge malangizowa ngati a nyumba iliyonse. Kwathu kulibe paipi ya kopa yoonekera. Mapaipi ndi achitsulo, anakwiriridwa m'khoma, ndipo pansi pa beseni pamangooneka kamwa la mazinga. Pamenepo ndinaika valavu yokhota ija yokhala ndi kachigwiriro, imene imalowa m'khoma ndi mazinga ake, ndipo pa mazinga amenewo tepi ndi yofunikadi, chifukwa palibe kamphete kapena kalabala kotseka madzi. Vuto limene ndinakumana nalo ndi lakuti chitsulo chakale chimene ndinkamasula chinali chitadyedwa ndi dzimbiri, ndipo nditakoka ndi bobojani chinathyokera m'kati mwa khoma. Tinagona masiku awiri madzi ali otseka podikira mmisiri wodzachotsa chidutswacho. Choncho amene mapaipi ake ndi achitsulo chakale aganize kawiri asanagwire sipanala.

Pulambala Wakale:
Bambo awa anena zoona, ndipo zikusonyeza kuti mtundu wa paipi ndi umene umasankha valavu. Pa mazinga olowa m'khoma tepi imakulungidwa motsata mmene mivi ya wotchi imayendera mutayang'anizana ndi nsonga ya mazinga a valavuyo, kuti isasomphoke pomanga. Amene ali ndi mapaipi a pulasitiki ofewa ayenera kulowetsa kachitsulo kolimbitsa m'kamwa mwa paipi asanamange nati, apo ayi kamphete kamangoifinya paipiyo n'kuiphwanya. Mapaipi a pulasitiki olumikizidwa ndi makina otenthetsa salola kamphete n'komwe, amafuna cholumikizira chake cha mazinga. Koma tibwerere kwa bambo Mwinifunso amene ali ndi kopa.

Tsiku la ntchito musankhe m'mawa, pamene masitolo a zipangizo ali otsegula, ndipo mutunge madzi m'ndowa musanayambe. Tsekani valavu yaikulu, tsegulani mpopi wa pa beseni komanso mpopi wina umene uli m'munsi kuposa pamene mudule, ngati wa panja, kuti madzi otsala m'mapaipi atsike. Palani penti yonse pamalo odulirawo ndi sandipepa yosalala mpaka kopa awale, masentimita atatu kapena anayi, ndipo mupale mozungulira paipi osati motsata utali wake, chifukwa mzere wozama wotsata utali umasanduka kanjira ka madzi pansi pa kamphete. Podula gwiritsani ntchito chodulira mapaipi chozungulira chija chokhala ndi kampeni kozungulira, pakuti chimadula mowongoka. Sowo ya zitsulo imadula ndithu, koma imagwedeza paipi, imasiya mlomo wopendekeka ndi tizitsulo timene timakatsekereza mpopi. Ngati sowo ndi imene muli nayo, salazani mlomowo ndi tupa kunja ndi m'kati.

Kenaka lowetsani nati poyamba, kamphete pambuyo pake, ndiyeno valavu mpaka igunde. Yang'anani muvi umene uli pambali pa valavu, uloze kumene madzi akupita, kutanthauza m'mwamba ku mpopi, ndipo kamzera ka sikuludiraiva kayang'ane kwa inu osati kukhoma. Mangani nati ndi manja mpaka ilimbe, kenaka gwirani valavu ndi sipanala imodzi kuti isazungulire, ndipo ndi sipanala ina zunguzani nati pafupifupi theka la mzungulo kapena kupitirirako pang'ono. Ndi bwino kuyamba mochepa, chifukwa kuwonjezera n'kotheka koma kubweza paipi yofinyika sikutheka. Kapaipi kofewa kali ndi kalabala kake, choncho sikafuna tepi. Kamangidwe ndi manja n'kuwonjezera pang'ono ndi sipanala, ndipo kasapotoke kapena kukhota mopinda.

Mwinifunso:
Ndagwira ntchitoyo lero ku mbali ya madzi ozizira, ndipo ndikufuna kufotokoza mmene zinayendera. Nditatseka valavu yaikulu ndinaona kuti madzi sakulekeratu, ankatulukabe kamtsinje kakang'ono kwambiri pa mpopi ngakhale patatha mphindi makumi awiri. Ndinatsegula mpopi wa panja, umene uli m'munsi, ndipo madzi otsalawo anayamba kutulukira kumeneko, pa beseni n'kuuma. Ndinadula pa masentimita 30 monga munanenera, m'paipi munatuluka madzi osakwana kapu imodzi. Nditamanga zonse ndinatseka valavu yatsopanoyo, ndinakatsegula yaikulu pang'onopang'ono, n'kubwera kudzayang'ana. Poyamba panali pouma, koma nditakulunga pepala la kuchimbudzi pansi pa nati, patatha mphindi khumi linali litanyowa kadontho kamodzi. Ndinawonjezera kumanga pang'ono kwambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a mzungulo, ndipo tsopano papita maola asanu pepala lili louma. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nditatsegula mpopi madzi anatuluka ofooka kuposa kale.

Pulambala Wakale:
Mwagwira ntchito ya ukhondo, ndipo nzeru yotsegula mpopi wa m'munsi ndi imene amisiri timagwiritsa ntchito valavu yaikulu ikakhala yotha. Ubwino wa cholumikizira cha kamphete ndi womwewo, chimamangika ngakhale paipi ili yonyowa, pamene chowotcherera sichingagwire pa paipi imene muli madzi. Komabe dziwani kuti valavu yanu yaikulu yakuuzani kuti yatopa, ndipo tsiku limene paipi idzaphulike m'nyumba siidzakuthandizani mokwanira. Funsani kwa amene amakupatsani madzi ngati valavuyo ili mbali yawo kapena yanu musanaikhudze.

Za kufooka kwa madzi, yambani ndi zinthu ziwiri zosavuta. Onani ngati kamzera ka sikuludiraiva kali kolunjika ndendende motsata paipi, chifukwa kakapendekeka pang'ono valavu imakhala yotseguka mwatheka. Kakapingasa paipi ndiye kuti yatsekeka. Ngati kali bwino, masulani kasefa ka kunsonga kwa mpopi. Madzi akatsekedwa n'kutsegulidwanso amakokolola mchenga ndi zinyenyeswa za m'mapaipi, ndipo zonsezi zimakaima pa kasefako. Tsegulani mpopi kasefa katachotsedwa kwa mphindi imodzi, tsukani kasefako n'kubwezera.

Mwinifunso:
Kanali kasefa ndithu, munali tinyenyeswa ta penti ndi mchenga, ndipo tsopano madzi abwerera mwakale. Kwatsala ku mbali ya madzi otentha. Kodi ndichite chimodzimodzi ndi valavu ya mtundu womwewo? Ndinagula ziwiri zofanana.

Pulambala Wakale:
Apa pali kusiyana kumene ndinakufunsirani za thanki. Choyamba, kutseka valavu ya pa mita sikuimitsa madzi anu otentha, chifukwa thanki ya kudenga ipitiriza kuwakankha mpaka itatha. Muyenera kupeza valavu imene ili pa paipi yochoka ku thanki kupita ku giza, n'kutseka imeneyo. Musanachite chilichonse zimitsani magetsi a giza, pakuti chotenthetsera cha m'kati chikayaka chili pouma chimapsa, ndipo dikirani kapena tsitsani madziwo mpaka azizire kuti asakuwotcheni podula.

Chachiwiri, suzumirani m'kati mwa valavu imene mwagula ili yotseguka. Mudzaona kuti bowo la m'kampira ka m'katimo ndi laling'ono kuposa la paipi. Ku madzi a mphamvu ochokera ku mita simuzindikira kusiyana, koma ku madzi amene akungotsika ndi kulemera kwawo kuchokera kudenga, kabowo kameneko pamodzi ndi kapaipi kofewa kopapatiza zingachepetse madzi otentha mooneka. Ine ndikanafuna valavu ya bowo lalikulu lolingana ndi paipi, ndi kapaipi kofewa ka bowo lalikulunso, kapena kubwezera chidutswa cha kopa chomwe chija mutachifupikitsa. Mukasankha kopa, yezani mtunda wa pakati pa zotchinga ziwiri za m'kati mwa valavu, ndipo utali umenewo ndi umene muchotse pa paipi, osati utali wa valavu yonse. Musinthenso kawashala ka pa nati ya ku mpopi, kakale kakamasulidwa sikatsekanso bwino.

Pomaliza ntchito, mpweya umatha kutsekeredwa m'paipi ya mphamvu yochepa, mpopi n'kumangotsokomola osatulutsa madzi. Tsegulani mpopi wa madzi otentha musanatsegule valavu ya ku thanki kuti mpweya upeze potulukira, ndipo magetsi a giza muyatse pokhapokha madzi akuyenda mosadukiza.

Wokonzayekha:
Kwathu madzi otentha amachokeranso ku thanki ya kudenga, ndinaika valavu yaing'ono yomweyo ndipo posamba m'manja sindinaone kusintha kulikonse. Mwina pa bafa losambira thupi lonse pangakhale kusiyana, koma pa beseni ndikuona ngati kukagulanso ina n'kutaya nthawi.

Pulambala Wakale:
N'zotheka ndithu, chifukwa zimadalira kutalika kwa thanki pamwamba pa mpopi. Mamita khumi a kutalika ndi amene amapereka mphamvu pafupifupi ya bala imodzi, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya madzi, choncho thanki imene ili mamita awiri okha pamwamba pa beseni ikupereka gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu imeneyo, pamene ya m'nyumba yosanja ingapereke kuwirikiza kawiri kapena katatu. Bambo Mwinifunso anena okha kuti madzi awo otentha ndi ofooka kale, n'chifukwa chake sindikufuna kuwachotsera ngakhale pang'ono.

Mwininyumba Yakale:
Ine ndili ndi dandaulo lina pa mavalavu a sikuludiraivawa. Ku nyumba ya mchemwali wanga inakhala zaka zambiri osakhudzidwa, ndipo tsiku limene tinaifuna inali itauma. Titaikakamiza inazungulira, koma inayamba kudontha pa kamzera penipenipo, moti tinakatsekabe madzi a nyumba yonse kuti tiisinthe. Kuyambira pamenepo ndimakonda ya chigwiriro, imene munthu aliyense m'nyumba angatseke ndi dzanja usiku popanda kufunafuna chida.

Pulambala Wakale:
Kudontha kwa pa kamzera kumachitikadi. Kuseri kwake kuli kalabala kozungulira kakang'ono kamene kamauma, ndipo m'madzi a laimu wambiri kampira kamamatirira. Mankhwala ake ndi kuitseka ndi kuitsegula kawiri kapena katatu pa chaka, pogwiritsa ntchito sikuludiraiva yodzaza kamzerako kuti musakadye. Ya chigwiriro ndi yosavuta kutseka, koma m'nyumba ya ana aang'ono kapena pansi pa beseni posungira ndowa imatha kugundidwa n'kutsekeka yokha, ndipo nayonso ikakhala zaka osakhudzidwa imauma. Pa ziwirizi ine sindinganene kuti ina ndi yoposa inzake m'nyumba iliyonse.

Mwinifunso:
Ndakwera kudenga madzulo ano ndipo ndapeza valavu ya pakati pa thanki ndi giza, koma ndi ya gudumu lofiira ndipo sikutembenuka ndi dzanja. Sindinaikakamize poopa kuthyola. Ndikuganiza zotseka valavu ya pa mita n'kutsitsa thanki yonse kudzera m'mipopi Loweruka m'mawa, magetsi a giza atazimitsidwa kuyambira usiku, ndipo ndikasinthitsa valavu yachiwiri ija ndi ya bowo lalikulu. Bambo Pulambala, kodi thanki ikakhala yopanda madzi ndingapezerepo mwayi wosintha ya gudumuyo nthawi yomweyo, kapena imeneyo ndiisiyire mmisiri?